Zoni yachiwiri ikamathiripa pa shoti ya laini ina: pezani gwero musanadule malire

Vutoli limadziwika ndi dandaulo lake. Mphezi yagunda laini yochoka ku sabusiteshoni B kupita ku C, bureka ya pa B yatseguka monga iyenera kutero, koma nthawi yomweyo bureka ya ku A, yomwe ili makilomita 80 kumbuyo, yatsegukanso. Laini ya A–B ilibe vuto lililonse, koma yazimitsidwa, ndipo onse odyera pa B ali mumdima. Oyendera laini ayenda nsanamira ndi nsanamira osapeza kanthu. Pakhope pa rileyi ya disitansi yoteteza laini ku A pakuoneka kuti yathiripa ndi zoni yachiwiri. Zikatero pamapita milungu ingapo kuli zii, mashoti ena pa B–C akuchotsedwa bwinobwino, kenako tsiku lina zomwezija zibwereranso.

Zikachitika kangapo, mankhwala amene amafulumira kutchulidwa pamsonkhano ndi amodzi: zoni yachiwiri ya ku A ikuona patali, ifupikitseni. Mankhwala amenewa ndimawakana. Zoni yachiwiri inaikidwa dala kuti ipyole mapeto a laini yake, ndipo mukaibweza mmbuyo mumatseka vuto looneka n'kutsegula lina lobisika, lomwe ndi loopsa kwambiri. Chofunika kukonza nthawi zambiri chimakhala nthawi yodikira, kapena chitetezo cha laini yapatsogoloyo, kapena nambala ina yolakwika m'masetingi.

Chimene rileyi imayeza, ndi chifukwa chake malire sakhala pa 100 peresenti

Rileyi ya disitansi siyeza makilomita. Imatenga voteji kuchokera ku VT, thiransifoma yoyezera voteji, ndi karenti kuchokera ku CT, thiransifoma yoyezera karenti, n'kugawa voteji ndi karenti kuti ipeze impidansi. Popeza kilomita iliyonse ya laini ili ndi impidansi yofanana ndi inzake, impidansi yochepa ikutanthauza shoti yapafupi, yochuluka ikutanthauza shoti yapatali. Nzeru yonse ndi imeneyo, ndipo kufooka kwakenso kuli pomwepo, chifukwa chilichonse chosokoneza voteji kapena karenti chimasuntha pamene rileyi ikuganiza kuti shoti ili.

Zosokonezazo n'zambiri. CT imalakwitsa pang'ono, makamaka karenti ya shoti ikakula. VT nayo imalakwitsa, ndipo ya mtundu wa CVT imachedwerako kutsatira voteji ikagwa mwadzidzidzi. Impidansi ya laini imene ili m'mabuku kawirikawiri inachita kuwerengetsedwa kuchokera ku mtundu wa waya ndi kaimidwe ka nsanamira, sinayezedwe. Rileyi payokha ili ndi kulakwitsa kwake. Zonsezi zikaphatikizana, kusiyana kwa 10 peresenti, kupita uku kapena uku, si kwachilendo.

Tsopano ganizirani mashoti awiri: ina ili mita imodzi musanafike pa basibala ya B, ina ili mita imodzi mutapyola, pa laini ya B–C. Kwa rileyi ya ku A, mashoti awiriwa ndi amodzi. Palibe masetingi amene angawasiyanitse. Koma yoyambayo ndi ntchito ya A, yachiwiriyo ndi ntchito ya B. N'chifukwa chake zoni yoyamba, yomwe imathiripa osadikira, imaikidwa pa 80 peresenti ya laini, ena amafika 85: ngakhale kuyeza kutalakwika, isafike pa B. Zoni yoyamba imalolera kusiya gawo la laini yake losatetezedwa kuti isalowe m'munda mwa mnzake.

Gawo losiyidwalo, 20 peresenti yakumapeto, ndiyo ntchito yeniyeni ya zoni yachiwiri. Ndipo apa kulakwitsa komwe kuja kumagwira mbali ina. Ngati zoni yoyamba iyenera kulekeza pafupi kuti itsimikize kuti sipyola B, zoni yachiwiri iyenera kupyola B kuti itsimikize kuti yafika pa B. Mukaiika pa 100 peresenti yeniyeni, tsiku limene kuyeza kwawerenga mopitirira pang'ono, shoti yakumapeto kwa laini igwera kunja kwake. Ndiye mwambo wake ndi wosachepera 120 peresenti. Kupyolako kumathandizanso kuti basibala ya B ikhale ndi woiyang'anira wachiwiri chitetezo chake chikakanika. Mtengo wa kupyolako ndi nthawi: popeza zoni yachiwiri imaona mashoti a m'gawo la B, imadikira, kawirikawiri pakati pa mamilisekondi 300 ndi 500, kuti eni ake ayambe achotsa.

Dongosolo lonseli laima pa chinthu chimodzi chimene sichilembedwa pakhope pa rileyi. Mbali imene zoni yachiwiri ya A yapyola iyenera kugwera mkati mwa zoni yoyamba ya B. Zikatero, shoti iliyonse imene onse awiri akuiona, B amaichotsa nthawi yomweyo pamene A akadali kuwerenga nthawi. Chinthu chimenechi chikasweka, vuto lathu lija layamba.

Chitsanzo ndi manambala ake

Titenge laini ya 132 kV, voteji yofala pa malaini akuluakulu a kwathu kuno. A–B ndi makilomita 80, ndipo impidansi yake ndi pafupifupi maomu 0.4 pa kilomita, ndiye yonse ndi maomu 32. B–C ndi yaifupi, makilomita 15, maomu 6. CT ya ku A ndi 600/1, VT ndi 132000/110, komwe ndi 1200. Kuti tipeze maomu amene rileyi imaona kumbali yake, ndi malire a zoni yoyamba, Z1, ndi yachiwiri, Z2, timatere:

```
Zsec = Zpri × (CT / VT) = Zpri × 600 / 1200 = Zpri × 0.5
Z1 = 0.8 × 32 = 25.6 Ω  (12.8 Ω sec)
Z2 = 1.2 × 32 = 38.4 Ω  (19.2 Ω sec), 400 ms
```

Palibe cholakwika pamanambalawa mukawaona paokha. Koma chotsani maomu 32 pa 38.4. Zoni yachiwiri ya A yapyola B ndi maomu 6.4, pamene laini yonse ya B–C ndi maomu 6 basi. Yaimeza yonse, n'kusuzumiranso kuseri kwa C.

Nanga rileyi ya pa B yoyang'ana ku C? Zoni yake yoyamba ndi 80 peresenti ya maomu 6, ndiwo maomu 4.8, kapena makilomita 12. Makilomita atatu otsalawo amawateteza ndi zoni yake yachiwiri, yomwenso inaikidwa pa mamilisekondi 400, chifukwa ndiyo nthawi imene imalembedwa paliponse.

Mphezi igunde pa kilomita 13.5 kuchokera pa B. Amenewo ndi maomu 5.4. B akuona 5.4, kunja kwa zoni yake yoyamba, ndiye ayamba kuwerenga 400. A akuona 32 kuphatikiza 5.4, maomu 37.4, mkati mwa 38.4, ndiye nayenso ayamba kuwerenga 400. Onse ayamba limodzi, onse amaliza limodzi. B akatumiza lamulo, bureka yake imafunika mamilisekondi ena pafupifupi 60, omwe ndi masaikulo atatu pa 50 Hz, kuti izimitse karenti. Pamene ikumaliza kutseguka, lamulo la A linatuluka kale. Palibe rileyi yomwe yawonongeka apa. Iliyonse yachita zimene inauzidwa.

Mungafunse kuti munthu wodziwa ntchito angalembe bwanji masetingi otere. Kawirikawiri sanalembe otere. Pamene masetingi a ku A ankawerengedwa, laini yochoka pa B mwina inali ya makilomita 60, ndipo maomu 6.4 opyolawo ankagwera bwinobwino mkati mwa zoni yoyamba ya B. Kenako panamangidwa sabusiteshoni yatsopano C pakati, laini inadulidwa pawiri, marileyi a pa B ndi pa C anapatsidwa masetingi atsopano, koma wa ku A palibe anamukumbukira chifukwa laini yake sinakhudzidwe. Choncho funso loyamba kufunsa anthu akale pamalopo ndi lakuti: kodi patsogolo pa B panasintha chiyani kuyambira tsiku limene masetingi awa anasainidwa?

Chifukwa chake vutoli limabwera n'kupita

Ichi n'chimene chimasokoneza anthu ambiri, mpaka kuyamba kukayikira rileyi kuti ili ndi misala. Pali zifukwa ziwiri. Choyamba n'chapafupi: mashoti a m'makilomita 12 oyambirira a B–C amachotsedwa ndi zoni yoyamba ya B, A asanamalize kuwerenga. Mpikisano umachitika pa makilomita atatu akumapeto okha, ndiye mashoti ambiri amadutsa mwamtendere.

Chachiwiri n'chozama pang'ono. Tinene kuti pa B palumikizidwa jenereta, kapena laini ina yobweretsa mphamvu kuchokera kwina. Shoti ikachitika pa B–C, karenti yodutsa m'laini yaifupiyo si ya ku A yokha, ilinso ndi yolowera pa B. Karenti yowonjezerayo imakweza voteji yogwa pakati pa B ndi malo a shoti, ndipo rileyi ya ku A imaona kukwerako m'voteji yake, koma karentiyo siiona chifukwa sidutsa mu CT yake. Zotsatira zake n'zakuti shoti imaoneka ngati ili patali kuposa pamene ili:

```
Zapp = ZAB + (1 + IB / IA) × Zf
```

Apa IA ndi karenti yochokera ku A, IB ndi yolowera pa B, ndipo Zf ndi impidansi yochokera pa B kufika pa shoti. Ngati IB ndi yofanana ndi IA, shoti yathu ya maomu 5.4 imaoneka ngati 10.8, ndiye A akuona 42.8, kunja kwa zoni yachiwiri. Sakhudzika n'komwe. Pamenepo zoni yachiwiri ya A imangofika maomu 3.2 mkati mwa B–C, makilomita 8, mkati mwa zoni yoyamba ya B. Zonse zili bwino. Koma jenereta ija ikazimitsidwa kuti ikonzedwe, kapena laini inayo ikatsegulidwa, IB imagwa, malire a A amatambasukanso, ndipo mpikisano umabwerera. Pamanambala athuwa, kulowana kumayamba IB ikatsika pansi pa gawo limodzi mwa magawo atatu a IA. Choipa kwambiri n'chakuti tsiku lomwelo ndi limene B alibe kwina kodyera, ndiye A akathiripa, B yense amazima.

Ngati cholumikizidwa pa B ndi munda wa sola, musachiwerengere ngati jenereta. Ma invata amapereka karenti ya shoti yongoposa pang'ono karenti yawo yanthawi zonse, ndipo usiku sapereka n'komwe. Powerengetsa kulowana kwa mazoni, tengani nthawi imene pa B palibe cholowera chilichonse.

Werengani zolemba za marileyi onse awiri

Musanagwire setingi iliyonse, tulutsani zolemba za zochitika ku A ndi ku B, ndipo muziike pamodzi. Kuwerenga za ku A zokha n'kumva mlandu mbali imodzi. Ngati mawotchi a marileyi awiriwo sagwirizana, musadandaule: yambirani kuwerenga pamene karenti yadumpha, chifukwa mphindi imeneyo ndi imodzi kwa onse. Mayina a pasikirini amasiyana malinga ndi wopanga, koma mpikisano wa mazoni umaoneka chonchi:

```
A:  22 ms Z2 START   422 ms Z2 TRIP   484 ms CB OPEN
B:  19 ms Z2 START   419 ms Z2 TRIP   478 ms CB OPEN
```

Onse ayamba mu Z2, palibe Z1 pa B, ndipo malamulo awiriwo atalikirana ndi mamilisekondi owerengeka. Chiwerengero cha mtunda pa rileyi ya A chimasonyeza malo opitirira makilomita 80, pamene cha pa B chimasonyeza pakati pa 12 ndi 15. Mukaona zimenezi, mwapeza gwero, ndipo mukhoza kupita kukakonza.

Koma pali zithunzi zina zofanana ndi ichi kunja kokha. Chofunika kwambiri ndi ichi: B wathiripa mu Z1 pa mamilisekondi 25, koma karenti yapitirirabe mpaka A atatsegula patapita mamilisekondi 400. Pamenepo masetingi alibe mlandu. Bureka ya pa B sinatseguke kapena inachedwa, ndipo zoni yachiwiri ya A yapulumutsa sabusiteshoni. Pitani mukaone koyilo yothiripira, makina a burekayo, ndi mabatire a pa B. Batire yotopa imatha kusonyeza voteji yabwino chaja ikuyaka, n'kugwa nthawi imene shoti yagwetsa magetsi odyetsa chajayo ndipo koyilo ikufuna karenti. Munthu amene angafupikitse zoni yachiwiri ataona chithunzi ichi wachotsa chitetezo chokhacho chimene chinagwira ntchito tsikulo.

Chithunzi china ndi cha A kuthiripa nthawi yomweyo, mu Z1, pa shoti yomwe ili kuseri kwa B. Apa rileyi ikuyeza molakwika, ndipo woyamba kumukayikira ndi CT. Ma CT ambiri ali ndi matapu angapo. Ngati masetingi anawerengedwa pa 600/1 koma mawaya analumikizidwa pa 400/1, chochulukitsira chenicheni ndi 0.333 m'malo mwa 0.5. Maomu 12.8 a zoni yoyamba amasanduka 38.4 kumbali ya laini, komwe ndi 120 peresenti, ndipo zoni yachiwiri imafika 57.6, komwe ndi 180 peresenti. Kuzindikira kwake n'kosavuta: laini ikunyamula katundu, yerekezani karenti imene rileyi ikusonyeza ndi imene ikusonyezedwa kumapeto enawo. Ngati ya ku A ikuposa ndi theka, musapite patali.

Ndipo ngati kupyolako kumachitika pa mashoti a fezi imodzi ndi nthaka okha, pamene a fezi ndi fezi akuyezedwa bwino, yang'anani k0. Shoti ya kunthaka imabwerera kudzera m'nthaka ndi m'waya wapamwamba, njira yomwe impidansi yake ndi ina, ndiye rileyi imakonza kuyezako ndi nambala iyi:

```
k0 = (Z0 − Z1) / (3 × Z1)
```

M'fomulayi Z1 ndi Z0 ndi maimpidansi a laini, osati mayina a mazoni. Pa laini ya m'mwamba Z0 imakhala pafupifupi katatu kuposa Z1, ndiye k0 ili cha m'ma 0.67. Wina akasiya 1.0, pa laini yodyetsedwa mbali imodzi rileyi imawerenga impidansi yochepa, pafupifupi 0.835 ya yeniyeni. Zoni yoyamba imakula kufika 96 peresenti, yachiwiri kufika 144. Cholakwika chimenechi chimalowa kwambiri posintha rileyi yakale n'kuika ya wopanga wina, chifukwa opanga safotokoza nambalayi mofanana: ena amafuna k0 ndi ngodya yake, ena amafuna RE/RL ndi XE/XL, ena amafuna Z0 yeniyeniyo. Kukopera nambala kuchokera m'bokosi lakale kulowetsa m'latsopano osatsegula buku lake ndiko kumabala zimenezi. Popeza mashoti ambiri a mphezi ndi a fezi imodzi ndi nthaka, cholakwikachi sichichedwa kudzionetsa mvula ikayamba.

Kukonza mpikisano weniweni

Tibwerere ku chitsanzo chathu, pamene CT, k0 ndi bureka zonse zili bwino. Pali lamulo lodziwika loti zoni yachiwiri isapitirire laini yake kuphatikiza theka la laini yaifupi kwambiri yapatsogolo. Apa ndi 32 kuphatikiza 3, maomu 35. Lamulo linalo likuti isachepere 120 peresenti, maomu 38.4. Malamulo awiriwa sangakhutitsidwe onse, ndipo ofuna kudula malire amagwira loyambalo.

Taonani chimene maomu 35 akutanthauza. Ndi 109 peresenti ya laini. Shoti ichitike pafupi ndi B, mkati mwa A–B, ndipo kuyeza kuwerenge mopitirira ndi 10 peresenti: 32 asanduka 35.2, kunja kwa zoni. Onjezani kukana kwa moto wa shotiyo, kapena kwa mtengo umene wakhudza waya, ndipo mfundo yoyezedwayo imasunthira kumbali, komwe bwalo la rileyi ya mho limapanikizika kwambiri chakumalire. Shoti ya pa laini yanuyanu siionekanso ku zoni yachiwiri, ndipo imadikira zoni yachitatu, pafupifupi sekondi yathunthu. Vutoli silidzaoneka m'zolemba mpaka tsiku limene lidzachitike, ndipo tsikulo waya ukhoza kupsa n'kuduka, kapena majenereta kutayana. Kuzima kosafunikira kumapweteka, koma shoti yosachotsedwa pa nthawi yake imawononga zida. Pa malamulo awiriwo, la 120 peresenti ndilo losagonja.

Njira yapafupi, yomwe mungachite sabata yomweyo, ndi kusiya malire pa 38.4 n'kukweza nthawi ya A. B amatulutsa lamulo pa 400, bureka yake imamaliza cha pa 460, rileyi ya A imafuna mamilisekondi makumi angapo kuti izindikire kuti shoti yachoka n'kubwerera, ndiye pakufunikanso mpata wachitetezo. Kuwonjezera 300 kumakwanira, ndiye A akhale pa 700. Ngati mukufuna kuti A adikirenso chitetezo cha bureka yokanika cha pa B, 700 ndi yothina, ndipo muyenera kuphatikiza nthawi ya chitetezocho.

Njirayi ili ndi ngongole ziwiri zimene muyenera kulipira poyera. Yoyamba: shoti iliyonse ya m'makilomita 16 akumapeto kwa A–B tsopano ichotsedwa kumbali ya A patapita mamilisekondi oposa 750. Ngati A ali pafupi ndi majenereta, funsani owerengetsa kukhazikika kwa netiweki ngati nthawi imeneyo ikupiririka, ndipo musangoganiza kuti ikupiririka. Yachiwiri imaiwalika kwambiri: rileyi ya kumbuyo kwa A ili ndi zoni yachitatu yomwe imaphimba A–B yonse. Ngati ili pa 800, tsopano yatsala ndi mpata wa 100 wokha pamwamba pa 700 wanuyo, ndipo mwangosamutsira mpikisano sabusiteshoni imodzi kumbuyo. Nayonso ikwezedwe, pamodzi ndi zoni yachitatu ya A yemwe.

Marileyi amakono ali ndi mazoni anayi kapena asanu, ndiye ena amagawa ntchitoyi pawiri: zoni ya maomu 35 pa 400, ndi ina ya 38.4 pa 700. Mashoti ambiri akumapeto amachotsedwa msanga, ndipo oyezedwa mopitirira amagwidwa ndi yochedwayo. Nzeruyi ndi yabwino, koma musaikhulupirire mopitirira pa malo ngati athuwa. Zoni yoyamba ya B, mukaiona kuchokera ku A, imathera pa 36.8. Pakati pa 35 ndi 36.8 pali maomu 1.8 okha, pafupifupi 5 peresenti, ochepa kuposa kulakwitsa kumene tinatchula. Laini yaitali ikatsogozana ndi yaifupi chonchi, kulakwitsa kwa yaitaliyo kokha kumatha kumeza theka la yaifupiyo.

Mankhwala enieni ali pa B–C, osati ku A. Ngati laini yaifupiyo ichotsa shoti iliyonse nthawi yomweyo, kuyambira pa B mpaka pa C, palibenso malo pa lainiyo amene A ndi B angapikisanirane. Pa makilomita 15, ngati pali faiba, chitetezo chofanizira karenti ya mapeto onse awiri, chija cha 87L, ndicho choyenera, chifukwa sichidalira impidansi yaing'ono chonchi ndipo chimagwira ngakhale ku C kulibe gwero la mphamvu. Ngati pali njira yongotumizira chizindikiro, gwiritsani ntchito POTT kapena PUTT. Mu PUTT, mbali yomwe yaona shoti mu zoni yoyamba imauza inzake kuti isadikire. Mu POTT, mbali zonse zimatumiza zikaona shoti mu zoni yopyola yoyang'ana kutsogolo, ndipo iliyonse imathiripa ikalandira chilolezo cha inzake. Apa kupyola kuja kumasanduka chida: popeza marileyi onse awiri amapyola, shoti yamkati amaiona onse, pamene yakunja mmodzi amaiona kumbuyo kwake ndipo sapereka chilolezo. Chenjerani ngati C ndi mathero a laini opanda jenereta. Rileyi ya kumeneko siona karenti ya shoti, ndiye situmiza kanthu, pokhapokha mu POTT mutayatsa ntchito yobweza chizindikiro, yomwe marileyi ambiri amailemba kuti echo.

Ngakhale mutaika zimenezi, ine ndimasiyabe nthawi ya A yosiyana ndi ya B ngati netiweki ikulola. Faiba imaduka, zida zotumizira zimafa, ndipo tsiku limenelo B amabwerera ku zoni yachiwiri ya 400. Ndipo ngati kuchedwa kwa 700 kukuvutitsa pa A–B, ikani PUTT kapena POTT pa A–B pomwepo, kuti mapeto ake azichotsedwa msanga ndipo 700 atsale ngati wothandiza pakavuta.

Njira yomweyi ndiyo yankho kwa amene amadandaula mbali ina, kuti shoti yapafupi ndi B imachedwa kuchotsedwa ku A, ndiye zoni yoyamba ikwezedwe kufika 100 peresenti. Popanda kulankhulana kwa mapeto awiri, ndi 60 peresenti yapakati yokha ya laini imene imachotsedwa nthawi yomweyo mbali zonse. Pa 40 peresenti yotsalayo, mbali imodzi imadikira. Umo ndi momwe chitetezochi chimagwirira, si kuwonongeka. Kukweza zoni yoyamba kumangopangitsa A kuthiripa osadikira pa shoti iliyonse yapakhomo pa B.

Mukasintha masetingi, yesani ndi makina obayira voteji ndi karenti, musadalire zimene zalembedwa pasikirini. Tsegulani kaye malinki othiripira, ndipo tsekani CT ndi waya wofupikitsa musanachotse rileyi m'njira yake, chifukwa CT yosiyidwa yotseguka laini ikunyamula karenti imatulutsa voteji yakupha. Bayani pa ngodya ya laini, pa 95 ndi pa 105 peresenti ya malire. Pa zoni ya maomu 19.2, pa 18.24 iyenera kuthiripa patapita mamilisekondi 700 kuphatikiza nthawi yoyambira ya rileyi, ndipo pa 20.16 isathiripe mu zoni imeneyo. Bwerezani pa shoti ya fezi ndi fezi, kenako ya fezi ndi nthaka, pa mafezi onse atatu. Makina oyesera nawo amafuna k0, ndipo mukawapatsa nambala yomwe mwakopera mu rileyi, cholakwika cha k0 chimadutsa mayeso osaoneka. Apatseni Z1 ndi Z0 za laini kuchokera m'mabuku ake, kapena zoyezedwa pa lainiyo itazimitsidwa ngati mwayi ulipo.